Injini Siwerenga Masiku, Imawerenga Makilomita ndi Maola

Mukafunsa mwini minibasi kuti oyilo anasintha liti, yankho limakhala la masiku: kumapeto kwa mwezi watha, kapena sabata ija kunali maliro kwa apongozi. Mwini chigayo naye amayankha chimodzimodzi. Anthufe timakumbukira zinthu ndi miyezi, malipiro ndi zochitika za pamudzi. Koma injini ilibe Lolemba kapena Loweruka. Chimene imadziwa ndi kuchuluka kwa ntchito imene yagwira, ndipo ntchitoyo timaiyeza ndi makilomita ngati chinthucho chimayenda pamsewu, kapena ndi maola ngati chimalira chili malo amodzi.

Tiyerekeze galimoto ziwiri zimene zathiridwa oyilo watsopano tsiku limodzi, pagalaja imodzi. Yoyamba ndi ya mphunzitsi amene amangopita nayo kutchalitchi ndi kumsika. Yachiwiri ndi minibasi yoyenda pakati pa Blantyre ndi Zomba. Pakutha pa masabata atatu, ya mphunzitsi yayenda makilomita osakwana 200, pomwe minibasi yatsala pang'ono kukwana 5,000. Pakalendala ya pakhoma oyilo wa ziwirizi ndi wa msinkhu umodzi. M'kati mwa injini, wina akadali khanda, wina wakalamba kale.

Nkhani yathu ndi yophunzira kumasulira. Buku la wopanga galimoto limalankhula m'makilomita ndi m'maola. Makaniko, dalaivala ndi thumba la mwiniwake zimalankhula m'masiku. Kalendala yabwino ya sevisi ndi imene imatenga nambala ya pamita n'kuisandutsa tsiku lodziwika, lolembedwa pakhoma, loti munthu n'kulikonzekera.

Chimene chimatha muoyilo

Tiyambe ndi oyilo, chifukwa kalendala yonse imazungulira pa iye. Ntchito yake si kuterereka kokha. Amachotsa kutentha pa mapisitoni, amanyamula mwaye wochokera ku dizilo amene wapsa, komanso ali ndi mankhwala othetsa mphamvu ya asidi amene amapangika moto ukamayaka m'injini. Nthawi iliyonse pisitoni ikatsika, mwaye pang'ono ndi utsi pang'ono zimadutsa m'mbali n'kugwera muoyilo. Mankhwala aja amanka natha, mwaye umanka nuchuluka, mpaka oyilo amayamba kulimba ngati phala ndipo sathamanganso m'timipata ting'onoting'ono topita ku mabering'i.

Apa pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu ambiri. Choyamba ndi mtundu. Oyilo wa injini ya dizilo amada pakangopita masiku ochepa chimuthirireni, ndipo kudako si chizindikiro choti watha. Choncho kusolola kachitsulo koyezera n'kutikita oyilo pa zala sikungakuuzeni kuti wagwira makilomita 1,000 kapena 7,000. Chachiwiri ndi kuonjezera. Injini yokalamba imadya oyilo, ndipo dalaivala amathiramo lita imodzi sabata iliyonse, n'kumaganiza kuti oyilo akungodzisintha yekha. Ayi ndithu. Amene wapsa wapita, koma zinyalala zake zatsala m'munsi, ndipo lita yatsopanoyo yangolowa m'dothi lakale.

Kachitsulo koyezera kali ndi ntchito ina, yogwira matenda amene kalendala singawaone. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowamo. Akamakwera yekha kupitirira pamzere popanda woonjezera, n'kumanunkha dizilo, ndiye kuti mafuta akudonthera m'munsi. Zikatero simudikiranso tsiku la pakalendala. Nako kanyale kofiira ka oyilo pa dashibodi si kokumbutsa sevisi. Kakayaka injini ikulira, kakunena kuti oyilo sakufika kumene akufunika, ndipo muyenera kuzimitsa pomwepo.

Minibasi ya Blantyre ndi Zomba

Tsopano tigwire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Minibasi yathu ndi Toyota Hiace ya dizilo, ya mtundu umene wadzaza m'madepoti athu. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 65. Tinene kuti imapita ndi kubwera kawiri patsiku, kutanthauza makilomita 260. Imagwira masiku asanu ndi limodzi, Lamulungu n'kupuma, ndiye pasabata imayenda makilomita 1,560.

Kwa injini ya dizilo yogwira ntchito yolemetsa chotere, yoimaima pasiteji iliyonse itadzaza anthu ndi katundu, malire odziwika osinthira oyilo ndi makilomita 5,000. Mabuku a opanga galimoto amakhala ndi ndandanda ziwiri: ya galimoto yoyenda mofewa, ndi ya galimoto yoyenda m'fumbi, yolemedwa, kapena yongolira itaima nthawi yaitali. Minibasi ya kwathu kuno ili m'ndandanda yachiwiriyo, ngakhale imayenda patala.

Oyilo wasinthidwa Lamulungu pa 1 Juni, mita ikuwerenga 212,400. Chinthu choyamba kulemba ndi nambala yotsatira: 217,400. Chachiwiri ndi kuisandutsa tsiku. Makilomita 5,000 tikawagawa ndi 260 tikupeza masiku ogwira ntchito 19 ndi kachidutswa. Masabata atatu ali ndi masiku ogwira ntchito 18, ndiye Loweruka pa 21 Juni madzulo mita idzakhala pa 217,080. Mawa lake ndi Lamulungu, tsiku limene minibasi imakhala itaima kale. Tsiku la sevisi ndi limenelo: 22 Juni.

Wina anganene kuti oyiloyo akadali ndi makilomita 320, bwanji osadikira Lamulungu linalo. Tiwerenge. Pofika pa 29 Juni mita idzakhala pa 218,640, kupitirira malire ndi makilomita 1,240. Kutaya 320 n'kwabwino kusiyana ndi kupitiriza ndi 1,240. Choncho lamulo la minibasi iyi latuluka lokha: sevisi Lamulungu lachitatu lililonse. Mwiniwake akhoza kutenga kalendala ya pakhoma n'kuzunguliza 22 Juni, 13 Julayi, 3 Ogasiti, mpaka chaka kutha, n'kumuuziratu makaniko wake. Minibasi sitaya tsiku la ndalama, ndipo makaniko sadzidzimutsidwa.

Koma masiku amenewa alembedwe ndi pensulo. Tinene kuti m'sabata yachiwiri minibasi yachita hayala yonyamula anthu a maliro kupita ku Mzuzu, ulendo wa masiku awiri wa makilomita pafupifupi 1,300 kupita ndi kubwera. Sabata imeneyo yayenda 2,340 m'malo mwa 1,560. Loweruka pa 14 Juni mita ili pa 216,300, ndipo kwatsala makilomita 1,100 okha, amene ndi masiku anayi a ntchito. Tsiku la sevisi lasuntha kuchoka pa 22 kufika Lachinayi pa 19 madzulo. Amene amangoyang'ana tsiku lozungulizidwa lija sangadziwe zimenezi. N'chifukwa chake kalendala iyi ili ndi mwambo umodzi wosaphonya: Loweruka lililonse, dalaivala akamapereka ndalama za tsikulo, apereke ndi nambala ya pamita, ilembedwe m'kope. Nambalayo ndiyo mfumu. Tsiku ndi nduna chabe.

Kupitirira ndi makilomita 300 kapena 400 kamodzi sikupha injini. Choopsa ndi chizolowezi. Lero 400, ulendo wotsatira 900, kenako dalaivala akuti ikuyendabe bwinobwino, ndipo pakutha pa chaka malire a 5,000 asanduka 8,000 popanda amene anagamula kuti zikhale choncho.

Makwerero a sevisi

Si chilichonse chimene chimasinthidwa pa makilomita 5,000. Zinthu zina zimakhala kawiri kuposa apo, zina kanayi, zina kasanu ndi katatu. Ubwino wake ndi woti manambalawa amalowana, ndiye munthu safunika makalendala asanu. Amangowerenga kuti iyi ndi sevisi yachingati. Manambala otsatirawa ndi amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa galimoto za dizilo za mtundu uwu, koma buku la galimoto yanu likanena zosiyana, mverani bukulo.

Pa sevisi iliyonse, ya makilomita 5,000, oyilo wa injini amasinthidwa. Fyuluta ya mpweya imatulutsidwa n'kuyang'anidwa, girizi amapopedwa m'malo onse opopera, madzi amene asonkhana pansi pa fyuluta ya dizilo amakhetsedwa, ndipo makaniko amasuzumira mabuleki. Mabuku ena amalola kuti fyuluta ya oyilo idumphe sevisi imodzi, koma eni galimoto ambiri osamala amaisintha limodzi ndi oyilo, poti fyuluta yakale imasunga oyilo wakuda amene amasakanikirana ndi watsopano.

Pa sevisi yachiwiri iliyonse, pa 10,000, amaonjezera kusinthanitsa matayala kuti adyeke mofanana, kuvula mawilo n'kuyeza bwinobwino zogwirira mabuleki, ndi kugwedeza miyendo ya kutsogolo kuti aone ngati pali pokhwepa. Pa yachinayi, pa 20,000, fyuluta ya dizilo imasinthidwa. Pa yachisanu ndi chitatu, pa 40,000, ndi pamene pamabwera ntchito yaikulu: oyilo wa giyabokosi ndi wa difu, mafuta a mabuleki, madzi a redieta ndi mankhwala ake, ndi girizi wa mabering'i a mawilo. Ikatha yachisanu ndi chitatu, mumayambiranso pa yoyamba.

Pa minibasi yathu, imene imalowa pagalaja masabata atatu alionse, makwererowa akutanthauza masabata 3, 6, 12 ndi 24. Sevisi yaikulu imabwera kawiri pachaka, ndipo mwiniwake amaiona ikubwera miyezi isanu isanafike.

Fyuluta ya mpweya ndiyo imakana kumangidwa pa nambala imodzi. Buku likhoza kunena makilomita 30,000 kapena 40,000, koma galimoto imene imalowa m'misewu yafumbi mu Seputembala ndi Okutobala ikhoza kuitseka isanafike ndi theka lomwe. Mudzaidziwa ndi utsi wakuda, kulephera kukwera mitunda ndi kumwa dizilo kwambiri. Poiyeretsa, anyamata ena amaimenyetsa patayala kapena kuipopera mpweya wamphamvu kuchokera kunja. Kutero kumang'amba pepala lake, ndipo kabowo kochepa ngati ka singano kamalowetsa fumbi limene limapala m'kati mwa injini ngati mchenga. Mpweya uzichokera m'kati kupita kunja, mofatsa. Mukamaliza, unikani ndi tochi m'kati mwake. Kuwala kukatulukira pabowo, fyulutayo yatha.

Lamba amene sachenjeza

Pamwamba pa makwerero onsewa pali chinthu chimodzi chimene chimafuna tsamba lakelake m'kope: lamba wa taimini. Lamba ameneyu ndi amene amagwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi kutseguka kwa mavalavu. Mabuleki akamatha amalira. Kilatchi ikamatha imaterereka. Lamba wa taimini nthawi zambiri sanena kanthu. Amaduka galimoto ili pa liwiro, mapisitoni n'kuomba mavalavu, ndipo ntchito imene ikanatha m'mawa umodzi imasanduka yophwasula injini.

Pa injini zakale za Toyota monga 3L ndi 5L, lambayu amasinthidwa pa makilomita 100,000. Pa zatsopanoko monga 1KD ndi 2KD ndi pa 150,000. Minibasi yathu, pa 1,560 pasabata, imakwanitsa 100,000 m'masabata 64, chaka chimodzi ndi miyezi itatu. Mwiniwake amene amaganiza kuti lamba anasintha chaka chatha chomwechi ndiye akadali watsopano, akuwerenga ndi kalendala yolakwika.

Galimoto zimenezi zili ndi kanyale kolembedwa T-BELT kamene kamayaka makilomita akakwana. Koma kanyaleko sikaona lamba. Kamangowerenga mita, ndipo munthu akhoza kukazimitsa osasintha chilichonse. Apa ndi pamene ogula galimoto zakale zochokera ku Japan, zimene zimadzera ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, ayenera kuchenjera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti ikhoza kunyezimira, mita n'kumaonetsa nambala yochepa, koma mbiri yake simukuidziwa. Nthawi zina pachivundikiro cha injini pamakhala kapepala komatidwa konena makilomita amene lamba anasinthidwira. Ngati palibe, kapena simukukakhulupirira, yambani kalendala yanu pa ziro: sinthani lamba pamodzi ndi timawilo tomukoka, oyilo yense ndi mafyuluta onse, n'kulemba nambala ya pamita ya tsiku limenelo. Kuchokera apo mbiri ya galimotoyo ili m'manja mwanu.

Mita ikamanama

Kalendala yonseyi yatsamira pa mita, ndiye ndi bwino kudziwa mmene mita imanamira. Minibasi zambiri zimayenda singano ya liwiro itagona, ndipo singanoyo ikafa nthawi zambiri nambala ya makilomita nayo imaima. Kukonza ndiye njira yeniyeni, koma podikira, werengani maulendo. Kondakitala amadziwa kale kuti lero apita kangati. Ulendo umodzi wopita ku Zomba ndi kubwera ndi makilomita 130, choncho maulendo 38 ndi oyilo mmodzi. Chongani kamzere pakope ulendo uliwonse.

Galimoto zina, makamaka zochokera ku Britain, zimawerenga mamailosi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, ndiye malire a 5,000 pa mita yotere ndi pafupifupi 3,100. Amene amadikira kuti mita yotereyi isunthe ndi 5,000 amakhala atayenda makilomita 8,000. Matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo amachititsanso kuti mita iziwerenga mochepera.

Bodza lalikulu la mita ndi la injini yolira galimoto itaima. Minibasi ikamalira padepoti podikira kuti idzaze, kapena ikamakwawa pamndandanda wa galimoto m'tauni, oyilo akugwira ntchito koma mita siyenda. Okonza galimoto zambiri pamodzi amawerengera ola limodzi lotere ngati makilomita 40 kapena 50. Ndiye minibasi ya m'tauni, yozungulira pakati pa Limbe ndi Ndirande, ikhoza kuonetsa makilomita ochepa kuposa ya ku Zomba, koma oyilo wake n'kukhala wotopa mofanana. Yotereyi muifupikitsire malire, kapena muiike pa masabata atatu omwewo ngakhale mita isanakwane.

Chigayo: kuwerenga maola

Tichoke pamsewu tipite kuchigayo cha dizilo cha kumudzi, cha injini ya pisitoni imodzi, ija yokhala ndi gudumu lalikulu pambali ndi thanki ya madzi pamwamba. Apa palibe makilomita. Pa injini zazing'ono zotere, mabuku ambiri amati oyilo asinthidwe pa maola 100 alionse. Injini zazikuluko za mathirakitala ndi majenereta, zokhala ndi fyuluta yabwino ndi oyilo wambiri, kawirikawiri zimafika maola 250. Injini ikakhala yatsopano, kapena yangochoka kopangidwanso m'kati, oyilo woyamba amachotsedwa msanga, osapitirira maola 50, chifukwa amakhala ndi tizitsulo topalika pamene ziwalo zikuzolowerana.

Eni zigayo ambiri amasintha oyilo pakutha pa mwezi. Tione chimene chimachitika. Mu Juni anthu akolola, mzere wa matumba ndi madengu wafika panja, ndipo chigayo chikulira maola khumi patsiku. Masiku ogwira ntchito 26 akupereka maola 260. Oyilo wa maola 100 wagwira ntchito kawiri ndi theka kuposa muyezo wake, pa nthawi imene injini ikutentha kwambiri ndipo fumbi la ufa ndi gaga ladzaza m'nyumbamo. Mu Januwale chimanga chachepa m'nkhokwe, chigayo chikulira maola atatu patsiku, mwezi wonse maola 78. Oyilo akutayidwa asanathe. Lamulo la pakutha pa mwezi likulakwa mbali zonse ziwiri, koma kulakwa kwa mu Juni ndiko kumathera kwa makaniko.

Tikawerenga ndi maola, nyengo yokolola oyilo amasinthidwa pa masiku khumi alionse ogwira ntchito, ndipo nyengo ya dzinja pa masiku 33, pafupifupi masabata asanu ndi theka. Kalendala ya chigayo siyenera kukhala ndi mipata yofanana. Imathithikana kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, n'kutalikirana mvula ikagwa. Ntchito zazikulu, monga kuyeza mipata ya mavalavu, kuyesetsa nozo, kuchotsa miyala ya laimu imene madzi a pachitsime amasiya m'thanki, ndi kusintha mabering'i, muziike mu Malichi kapena Epulo, kuti pomwe chimanga chatsopano chikufika injini ikhale yokonzeka. Kumasula injini mu Juni ndi kupereka makasitomala kwa mnzanu wa tsidya lina.

Nanga maolawo muwadziwa bwanji? Mathirakitala ndi majenereta ambiri ali ndi mita ya maola. Pa injini yopanda mita mukhoza kugula kamita kakang'ono komatika, kamene kamawerenga injini ikamanjenjemera. Njira ina ndi kope: woyendetsa chigayo alembe nthawi yolizira ndi yozimitsira. Koma kope limadalira kukhulupirika ndi kukumbukira kwa munthu amene manja ake ali mbuu ndi ufa tsiku lonse.

Njira imene ndimaikonda ndi yowerenga dizilo, chifukwa dizilo palibe amene amaiwala kuti wagula. Tsiku lina dzazani thanki, gayani maola awiri enieni mukuyang'ana wotchi, kenako dzazaninso ndi botolo loyezera. Tinene kuti mwaonjezera malita asanu ndi limodzi. Ndiye kuti injini yanu imamwa malita atatu pa ola. Maola 100 ndi malita 300, kapena zigubu 15 za malita 20. Lembani mizere pakhoma ndi khala: chigubu chilichonse chikathiridwa, mzere umodzi. Mzere wa 15 ukakwana, oyilo atuluke. Njira iyi ili ndi ubwino wina wobisika. Injini ikamagwira ntchito yolemera imamwa kwambiri, ndiye mizere imafulumira pa nthawi yomweyo imene oyilo akuvutika kwambiri. Ndipo ngati zigubu zikutha msanga koma matumba ogayidwa sakuchuluka, mwina injini yadwala, kapena dizilo akutuluka pakhomo lina.

Pamene masiku amapambana

Tibwerere kwa mphunzitsi uja. Galimoto yake imayenda mwina makilomita 3,000 pachaka. Akati adikire 5,000, oyilo akhala m'injini chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Apa ndi pamene mawu a m'buku akuti makilomita akutiakuti kapena miyezi yakutiyakuti, chimene chayamba kukwana, amagwira ntchito. Maulendo aafupi salola injini kutentha mokwanira, choncho chinyezi ndi mafuta zimene zalowa muoyilo siziuma. Galimoto yotere isinthidwe oyilo pa miyezi isanu ndi umodzi, kapena monga buku lake linenera, ngakhale mita yasuntha pang'ono.

Pali zinthu zina zimene zimakalamba ndi nthawi basi. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhala ndi madzi amawira msanga. Potsika phiri lalitali, monga msewu wokhotakhota wa Golomoti kapena kutsetsereka kwa Thyolo ndi Chikwawa, phazi likhoza kungolowa pansi. N'chifukwa chake amasinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse ngakhale galimoto ikhale yongoima. Mphira wa malamba ndi matayala amauma n'kuchita ming'alu. Jenereta ya pachipatala cha kumudzi kapena pasitolo, imene imalira magetsi akazima okha, ikhoza kutha chaka isanakwane maola 250, komabe imafuna oyilo watsopano chaka chilichonse, ndi kuilizako nthawi ndi nthawi kuti batire ndi dizilo zisagone.

Choncho mzere uliwonse wa m'kope ukhale ndi zinthu zisanu: tsiku, nambala ya pamita, ntchito imene yagwiridwa, nambala yotsatira, ndi tsiku lomaliza ngakhale nambalayo isanakwane. Pa minibasi makilomita ndi amene amayamba kufika. Pa galimoto ya mphunzitsi ndi miyezi. Pa chigayo zimasinthana ndi nyengo.

Ndalama zake

Sevisi zambiri zimaphonyedwa osati chifukwa choiwala, koma chifukwa tsikulo lafika m'thumba mulibe. Kalendala ya makilomita imathandizanso apa, poti imasandutsa sevisi kukhala mtengo wa pa kilomita. Funsani mitengo ya lero ya zonse zofunika pa masevisi asanu ndi atatu aja, kuphatikizapo malipiro a makaniko ndi gawo la matayala ndi lamba, n'kugawa ndi 40,000. Mwachitsanzo chabe, zonse zikakwana K2,000,000, ndiye kuti kilomita iliyonse imadya K50. Minibasi yoyenda makilomita 260 yadya K13,000 tsiku limenelo, ngakhale palibe amene wakulipiritsani. Ndalama imeneyo si phindu. Ichoke pa ndalama za tsikulo monga mmene imachokera ya dizilo, isungidwe payokha. Wa hayala ya ku Mzuzu naye alipire gawo lake, K65,000 pa makilomita 1,300, apo ayi mwamunyamula ndi oyilo wanu. Mitengo ikasintha, werengeraninso.

Pomaliza, kalendala imanena tsiku, koma siitsimikiza kuti ntchito yagwiridwa. Mwini galimoto amene amangopereka ndalama kwa dalaivala kuti akasinthe oyilo ayenera kuona fyuluta yakale ndi chigubu chopanda kanthu. Njira yosavuta ndi kulemba nambala ya pamita pa fyuluta yatsopano ndi penti kapena cholembera chosafufutika isanamangidwe. Lamulungu lachitatu likadzafika, fyuluta imene idzatuluke idzakhala ndi 212,400 pamimba pake, m'zilembo za dzanja lanu, ndipo imene ikulowa mudzailemba 217,080.